Ndemanga: telala anakana nsalu yanga imodzi, ndipo anachita bwino

Ndinapita kwa telala uyu, amene amasokera pakhonde la sitolo ina mu Limbe, nditanyamula nsalu zitatu m'jumbo: chitenje cha maluwa akuluakulu, nsalu ya mizeremizere, ndi ina ya timabokosi, imene ena amati sikochi. Ndinkafuna siketi, bulauzi ndi kajekete kakafupi koti ndikavale ku chinkhoswe cha mng'ono wanga. Anzanga onse anali atandiuza kale kuti ndikaoneka ngati ndavala sitolo yonse ya nsalu. Chovalacho tsopano ndachivala kanayi ndi kuchichapa kawiri, ndiye ndikhoza kunena zimene ndaona.

Bambowa asanagwire n'komwe tepi yoyezera, anayala nsalu zonse zitatu pabenchi, ina kugunda inzake, n'kundiuza kuti ndibwerere m'mbuyo mpaka pamphepete pa khonde, mwina mamita atatu. “Amayi, diso lanu layamba kugwera pati?” Ndinayang'ana, ndipo kunena zoona diso silinakhazikike paliponse. Linkangodumpha pakati pa maluwa ndi timabokosi.

Chifukwa chake anandionetsa ndi tepi. Duwa lililonse la pachitenje linali lalikulu ngati chikhatho changa, pafupifupi masentimita 10. Bokosi lililonse la pa sikochi linali masentimita 8, lofiira kwambiri. Zojambula ziwiri zikafanana kukula chonchi, zonse zimafuna kuonedwa poyamba, ndipo ndi pomwe chisokonezo chimayambira. Anati mwa nsalu zitatu, imodzi yokha ndiyo iyenera kulankhula mokweza, zinazo zizingovomereza. Ya mizere anailola nthawi yomweyo, chifukwa mizere yake inali yopyapyala, yosakwana theka la sentimita, moti ukaima patali imaoneka ngati nsalu ya mtundu umodzi.

Ya timabokosi ija anaikana. Zinandiwawa ndithu, poti ndinali nditaigula kale, koma sanandikakamize. Anangoti, “Ndisoka ngati mwafuna, koma mukadzabwera kudzadandaula ndidzakukumbutsani.” Kenaka anadula kachidutswa ka chitenje m'mphepete, kandendende ndi chala, n'kundipatsa kuti ndipite nako kosankha ina. Malangizo anali awiri okha: timabokosi tikhale ta masentimita 2 kapena 3, ndipo mtundu wake ukhale wopezeka kale pachitenjecho.

Nkhani ya mtunduyi ndiyo imene ndaphunzirapo kwambiri. Chitenje changa chili ndi maluwa achikasu ndi ofiirira, masamba obiriwira, ndipo pansi pake ndi buluu wakuda. Ine ndikanasankha chikasu, poti ndicho chimaonekera msanga. Telala anati ayi, tengani buluu wakudayo, mtundu umene uli pansi pa maluwa, chifukwa ndi wofatsa ndipo ukhoza kubwerezedwa katatu osatopetsa maso. Mizere ya bulauzi inali kale yabuluu wakuda ndi yoyera. Ndinakapeza nsalu ya timabokosi tabuluu wakuda ndi totuwa. Mwa njira imeneyi, buluu uja akuyenda kuchokera pa siketi, kudutsa pa bulauzi, mpaka pa jekete, ndipo chikasu ndi kufiirira zatsala pa siketi pokha. Munthu akandiona amayamba waona maluwa, zinazo amazizindikira akayandikira.

Pali kanzeru kena kamene anandionetsa nditabwera ndi nsalu yatsopanoyo. Anajambula nsalu zitatuzo pa foni, n'kusintha chithunzi kuti chikhale chakuda ndi choyera chokha. Mitundu ikachoka, zimaoneka poyera kuti ndi nsalu iti imene ili ndi phokoso lambiri. Pachithunzipo maluwa ankaonekabe bwino, timabokosi tinangoti mbuu, mizere inatsala pang'ono kusowa. Anati umo ndi momwe ziyenera kukhalira, ndipo ngati nsalu ziwiri zikuwala mofanana pachithunzi chotere, imodzi ichoke.

Kasokedwe kake ndilibe nako mawu ambiri odandaula. Anandiuza kuti ndichape nsalu zonse ndisanabweretse, chifukwa nsalu ya thonje imabwerera ikalowa m'madzi koyamba, ndipo zitatuzi sizingabwerere mofanana. Siketi inatenga chitenje chimodzi cha mamita awiri, ndipo anaidula mosamala kuti msoko wam'mbuyo, pamene pali zipi, usadule duwa pakati n'kulilumikiza ndi tsamba. Pa jekete anandiitanitsa theka la mita loonjezera. Poyamba ndinkaganiza kuti akufuna kutsala ndi nsalu yanga, koma nditaona jeketeyo ndinamvetsa: timabokosi takumana ndendende pa msoko wakumsana ndi m'mbali, ndipo kuti zitero pamatayika nsalu podula. Jekete ya timabokosi tosakumana imaoneka yopindika ngakhale itasokedwa bwino chotani, ndipo pambali pa maluwa kupindikako kukanaonekera kawiri.

Chimene sindinapemphe koma anawonjezera ndi lamba wa siketi. M'malo mogwiritsa chitenje chomwecho, anaika nsalu yabuluu wakuda yopanda chojambula chilichonse, masentimita 5 m'lifupi. Ndikapisira bulauzi mkati, mizere sikhudzana ndi maluwa; pakati pali kampata koti diso lipumirepo. Ndinayesa tsiku lina kuvala bulauzi kunja, lamba osaoneka, ndipo kusiyana kwake kunali koonekeratu.

Zolakwika zilipo ziwiri. Choyamba, anachedwa. Tinagwirizana kuti ndikatenge zovala Lachitatu, koma ndinakatenga Lachisanu madzulo, chinkhoswe chili mawa lake. Magetsi sanali chifukwa, poti makina ake ndi opalasa ndi mapazi. Anangolandira ntchito zambiri. Ngati muli ndi mwambo, muwauze kuti mukufuna zovala kutatsala sabata imodzi kuti mwambowo uchitike.

Chachiwiri n'cha duku. Anandisokera duku kuchokera pa zotsala za nsalu ya timabokosi, mwaulere, ndipo ndinathokoza. Koma nditavala zonse pagalasi, kumutu timabokosi, paphewa timabokosi, pachifuwa mizere, kumtunda konse kunadzaza, nkhope yanga n'kusowa. Apa telala mwiniwake anaswa lamulo lake. Ndinavula n'kumanga duku lachikasu lopanda zojambula, lofanana ndi maluwa a pa siketi, ndipo zinakhala bwino. Nsapato ndi chikwama ndinatenga zakuda, zopanda kanthu.

Palinso vuto lina limene ndi langa ndekha, koma ndilinene kuti wina asagwemo. Pochapa kachiwiri ndinaviika bulauzi ndi siketi m'beseni limodzi. Chitenje chinali chikutulutsabe utoto pang'ono, ndipo mizere yoyera ija tsopano ili ndi kabuluu kotuwa. Sizikuoneka patali, koma ine ndikudziwa. Chapani chitenje pachokha, ndi madzi ozizira, ndipo muyanike pamthunzi mutachitembenuza.

Mtengo unali wokwererapo kuposa wa matelala ena a m'derali, makamaka pa jekete, chifukwa cha ntchito yokumanitsa timabokosi ndi nsalu yamkati. Sindikudandaula nawo. Zovala zitatuzi ndikuzivalanso padera: jekete ndi diresi lakuda kuntchito, bulauzi ndi jinzi Loweruka. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi yapita ndi kuchedwa ndi duku lija. Nsalu yofiira ya timabokosi takulutakulu imene anaikana ija ndinabwerera nayo mwezi watha, ndipo akundisokera siketi yoti ndizivala ndi bulauzi yoyera.