Khadi lotuwa: kukonzera mtundu m'kamera kapena pa kompyuta?

Mayi wina amene amagulitsa zitenje anandipempha kuti ndimujambulire nsalu 30 zoti azitumiza kwa makasitomala pa foni. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi, kali ndi babu lachikasu pamwamba ndi khomo loyang'ana kumsewu. Ndinajambula kamera ili pa AWB, kutanthauza kuti izidzisankhira yokha mtundu wa kuwala. Titayang'ana zithunzi, chitenje chabuluu wakuda chinaoneka ngati chapepo, ndipo maluwa ake oyera anali ngati athiridwa tiyi. Mayiwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, “Achimwene, munthu akaitanitsa ichi, ndikamupatsa chenichenicho ati ndamusinthira.” Anali kunena zoona. Kuyambira tsiku limenelo khadi lotuwa silichoka m'chikwama changa, ndipo ndayesa njira zonse ziwiri zoligwiritsira ntchito mpaka kudziwa pamene iliyonse imagwira ndi pamene imakhumudwitsa.

Choyamba timvetsetsane chimene khadilo limachita. Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake. Babu lakale la kawaya limatulutsa kuwala kofiirira, kwa pafupifupi 2700 K pa muyezo wa mtundu wa kuwala wotchedwa Kelvin. Dzuwa la masana lili cha m'ma 5500 K, ndipo mthunzi wa pansi pa thambo loyera umafika 7000 K kapena kupitirira, n'chifukwa chake umaoneka wabuluu pa chithunzi. Maso athu amazolowera msanga, koma kamera imangoganizira poona mitundu imene yadzaza chithunzi. Mukaionetsa chitenje chofiira chokhachokha, imaganiza kuti kuwala ndiko kwafiira, ndiye imathira buluu n'kuzimitsa kufiira kwenikweni kwa nsalu. Khadi lotuwa lilibe mtundu wakewake: limabweza kufiira, kubiriwira ndi buluu mofanana. Choncho mtundu uliwonse umene ukuoneka pa khadilo si wa khadi, ndi wa kuwala. Mukauchotsa pa khadi, mwauchotsa pa chilichonse chimene chawalidwa ndi kuwala komweko.

Njira yoyamba ndi yokonzeratu m'kamera musanayambe kujambula. Pa makamera ambiri a Canon mumaika khadi pamene padzakhale chinthu chojambulidwacho, n'kulijambula litadzaza pakati pa chithunzi. Lenzi imavutika kugwira chinthu chosalala chopanda mizere, ndiye isintheni ikhale pa MF, yoti muziilunjikitsa nokha ndi dzanja, kwa kanthawi. Kenako pitani pa Custom White Balance, sankhani chithunzi cha khadicho, dinani SET. Apa ndi pamene ambiri amagwa: kamera yasunga muyezo, koma siyamba kuugwiritsa ntchito mpaka mutasintha WB, posankhira mtundu wa kuwala, kuchoka pa AWB kupita pa Custom. Ine ndinajambulapo nsalu zingapo ndikudabwa kuti palibe chasintha, osadziwa kuti ndadumpha sitepe imeneyi. Pa makamera ambiri a Nikon okhala ndi batani la WB mumasankha PRE, mumagwira bataniyo mpaka zilembozo ziyambe kuthwanima, n'kujambula khadi. Ikakhutira imalemba Good, ikalephera imalemba no Gd, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala mdima kapena kuwala kopitirira.

Ubwino wa njira iyi ndi woti chithunzi chimatuluka m'kamera chili chokonzeka kale. Kwa munthu wojambula JPEG amene amapereka zithunzi tsiku lomwelo, kapena wojambula vidiyo, palibe njira ina yoposa iyi. Komanso kasitomala akasuzumira pa galasi la kumbuyo kwa kamera amaona mtundu woona pomwepo. Kuipa kwake ndi kwakuti muyezowo umakakamira. Mukayeza m'tchalitchi kenako n'kutuluka panja ndi akwati osayezanso, diresi loyera limasanduka labuluu pa zithunzi zonse za panja, ndipo pa JPEG chilema chotere sichichoka bwinobwino.

Njira yachiwiri ndi yojambula RAW, fayilo yosunga zimene kamera inaona isanazikonze, n'kukakonza kunyumba. Pamalo ojambulira ntchito yake ndi yochepa kwambiri: ikani khadi pa nsalu yoyamba, jambulani kamodzi, lichotseni, pitirizani. Khadi silifunika kudzaza chithunzi, bola lioneke bwino. Mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Lightroom tsegulani chithunzi cha khadicho mu Develop, dinani W kuti mutenge kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, ndipo mudine nako pakati pa khadi. Mukatero sankhani zithunzi zonse za kuwala komweko, dinani Sync, chongani White Balance yokha. Amene alibe Lightroom, darktable ndi RawTherapee ndi zaulere ndipo zili ndi kachida komweko.

Nditabwerera kushopu kuja ndi khadi, zinayenda chonchi. Nditalozetsa kachidako pa khadi ndisanadine, manambala anali pafupifupi R 58, G 50, B 39, pa zana lililonse. Kufiira kunali pamwamba, buluu pansi, chizindikiro cha babu lachikasu. Kamera inali itasankha Temp, nambala ya K ija, ya cha m'ma 3900, kutanthauza kuti inakonza theka chabe. Nditadina, Temp inatsikira cha m'ma 2900, Tint, yolinganiza kubiriwira ndi pinki, inasuntha pang'ono, ndipo manambala atatu aja anakumana onse cha pa 50. Maluwa a chitenje anayera, buluu wakuda anabwerera m'malo mwake. Chimene chimasokoneza oyamba kumene n'chakuti nambala ikatsika chithunzi chimazizira, sichifiira. Nambalayo sikunena mtundu umene mukufuna, ikuuza pulogalamu kuti kuwala kunali kotani, ndiye ikamva kuti kunali kofiirira imawonjezera buluu kuti zilingane.

Njira iyi ndimaikonda chifukwa RAW imasunga zimene sensa inaona zisanaphikidwe, nthawi zambiri ndi mabiti 12 kapena 14, ndipo kusintha mtundu wa kuwala pambuyo pake sikuwononga kanthu. JPEG ili ndi mabiti 8, masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndipo mtundu wa kuwala unaphikidwiramo kale. Mukhoza kudina khadi pa JPEG, ndipo ngati cholakwika chinali chaching'ono zimatheka. Koma ngati chithunzi chinafiira kwambiri, buluu amene mukumukweza anali wochepa poyamba, ndiye mumatulukira timadontho m'malo amdima, ndipo khungu la munthu limaoneka ngati lapakidwa phulusa. Kuipa kwa RAW ndi nthawi ndi malo: mafayilo ndi akuluakulu, pamafunika kompyuta, ndipo magetsi akathima ntchito imaima.

Ine ndikamajambula katundu wogulitsa ndimachita zonse ziwiri: ndimayeza m'kamera kuti ndione zoona pomwepo, ndipo ndimasunganso chithunzi cha khadi mu RAW. Koma mutandiuza kuti ndisankhe imodzi, pa zithunzi ndisankha RAW, pa vidiyo ndisankha ya m'kamera.

Ena amati, khadi la chiyani, pepala loyera silikwanira? Pangozi limathandiza, koma lili ndi misampha iwiri. Mapepala ambiri osindikizira amathiridwa mankhwala oti azioneka oyera kwambiri, ndipo mankhwalawo amawala mwabuluu akakumana ndi kuwala kwa dzuwa. Pulogalamu ikachotsa buluu ameneyo, chithunzi chonse chimapendekera ku chikasu. Msampha wachiwiri ndi woti choyera chimapserera msanga: manambala onse atatu akagunda pamwamba amaoneka ofanana ngakhale kuwala kuli ndi mtundu, ndipo Lightroom imakana n'kukuuzani kuti mudine pena. Khadi lotuwa lili pakatikati, kutali ndi kupserera.

Makhadi nawonso si ofanana. Khadi la 18%, lobweza pafupifupi 18% ya kuwala kolimenya, linapangidwa poyamba kuti liziyezera kuchuluka kwa kuwala, ndipo ena otchipa amakhala ndi kamtundu kobisika, kobiriwira kapena kabuluu. Mayeso ake ndi osavuta. Lijambuleni mu RAW padzuwa la masana, kutali ndi udzu ndi makoma opaka penti, n'kulidina. Muyezo wa Daylight mu Lightroom ndi Temp 5500 ndi Tint +10. Khadi lanu likakupatsani zoyandikira pamenepo, lili bwino. Likakutengerani kutali, makamaka pa Tint, musalidalire pa mtundu. Makhadi opangidwira ntchito ya mtundu, monga WhiBal, amakhala otuwa mowalirako. ColorChecker ili ndi timabokosi 24 ta mitundu, ndipo mzere wapansi umachoka pa choyera kufika pa chakuda. Ambiri timadina kachiwiri kuchokera pa koyera. Ndi yodula, ndipo ubwino wake weniweni umaoneka pamene mukufuna kukonza mitundu payokhapayokha, osati kuwala kokha.

Tsopano chimene njira zonse ziwiri sizingathe, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri kushopu kuja. Nditakonza ndi khadi, mbali ya nsalu yoyang'ana kukhomo inaoneka yabuluu. Khadi silinaname. Linali pansi pa babu, ndipo linayeza babu, pamene mbali inayo inkawalidwa ndi kuwala kwa panja. Chithunzi chimodzi chimalandira muyezo umodzi, ndiye mitundu iwiri ya kuwala ikasakanizika, mukakonza uwu mumaipitsa uwo. Mankhwala ake sali pa kompyuta. Tinazimitsa babu, tinasunthira tebulo pafupi ndi khomo pamene dzuwa silimenya mwachindunji, ndinayezanso khadi, Temp inafika cha m'ma 6000, ndipo nsalu inakhala mtundu umodzi kuchokera uku kufika uko.

Chimodzimodzinso ndi kagwiridwe ka khadi. Likhale pamalo enieni a chinthucho, liyang'ane ku kamera, lisanyezimire, ndipo thupi lanu lisaliphimbe ndi mthunzi. Mukalipendekera ku khoma lobiriwira kapena kuliyandikiza ku malaya ofiira a amene waligwira, limatola mtundu umenewo. Mukamagwiritsa ntchito fulashi, khadi lijambulidwe ndi fulashi yomweyo.

Machubu a magetsi ali ndi vuto lawolawo. Amakonda kubiriwitsa chithunzi, ndipo izi zimakonzeka ndi Tint, osati Temp, n'chifukwa chake kungolemba nambala ya K m'kamera sikukwanira pamene khadi limakonza mbali zonse ziwiri. Komanso kuno magetsi ndi a 50 Hz, ndipo machubu akale amathwanima ka 100 pa sekondi imodzi, mtundu wake ukusintha m'kati mwa kuthwanimako. Mukajambula shata ili pa liwiro la 1/500, zithunzi ziwiri zotsatizana zikhoza kusiyana mtundu ngakhale simunasinthe kanthu, ndipo Sync siithandiza. Tsitsani shata ikhale pa 1/100 kapena 1/50, khadi ndi zithunzi zonse pa liwiro lomwelo. Mababu ena otchipa a LED amasowa mbali ina ya kuwala kofiira, moti khadi limaoneka lotuwa bwinobwino koma chitenje chofiira chimakhalabe chofooka. Pamenepo tulutsani nsaluyo pakhonde.

Mayi aja masiku ano amajambula okha ndi foni. Ndinawasiyira khadi, ndipo amaliika pakona pa nsalu iliyonse, amadina ndi kachida ka White Balance mu Snapseed, kenako amadula konayo asanatumize. Popeza ndi JPEG, ndinawauza kuti azijambulira pakhomo babu lili lozimitsa, kuti chokonza chizikhala chochepa.