Chiponde cha ku Mufakose ndi njira zinayi za Ansoff

Mu 1957, katswiri wa zamalonda Igor Ansoff anafalitsa m'magazini ya Harvard Business Review tebulo la zipinda zinayi lofunsa mafunso awiri okha: katundu wanu ndi wakale kapena watsopano? Nanga ogula, ndi omwe aja kapena ena achilendo? Kwa ife amalonda ang'onoang'ono muno mu Harare, phindu la tebuloli ndi lakuti limakuwerengerani zinthu zimene simukuzidziwa musanatulutse ndalama m'thumba.

Tiyerekeze mayi wa ku Mufakose amene amagula mtedza ku Mbare Musika n'kupera chiponde, chimene anansi athu Achishona amati dovi. Botolo limamudyera dola imodzi, amagulitsa $1.50, ndipo pamwezi amatha mabotolo 200. Phindu ndi $100. Wasunga $300, akufuna kukula.

Njira yoyamba ndi kuzamitsa msika: chiponde chomwecho, dera lomwelo. Apa ambiri amathamangira kutsitsa mtengo, ndipo mpamene amapsera. Akatsitsa kufika $1.30, phindu pa botolo limagwa kuchoka pa masenti 50 kufika 30, ndiye ayenera kugulitsa mabotolo 334 kuti angopezanso $100 yake ija. Kupera kwachuluka, m'thumba muli chimodzimodzi. Chanzeru n'kusiya mtengo wa pakhomo pomwe uli, n'kulowa m'matakishopu a m'deralo amene chiponde chake sichinafikemo. Akawapatsa pa $1.25, matakishopu khumi otenga mabotolo 15 pamwezi amawonjezera $37.50, popanda kukwera kombi kapena kugula chipangizo china. Malire ake amaonekanso msanga: mukabwerera n'kupeza mabotolo a ulendo wapita akadali pashelefu, mafuta atayandama pamwamba, dziwani kuti deralo lakhuta.

Yachiwiri ndi kunyamula chiponde chomwecho kupita kwa ogula atsopano, mwachitsanzo ku Chitungwiza. Kapangidwe amakadziwa kale. Chimene sadziwa ndi anthu. Ngati ulendo wopita ndi kubwera umadya $6 atanyamula mabotolo 40, botolo lililonse lalipira masenti 15, ndipo pa mtengo wa takishopu phindu latsala masenti 10 basi. Onjezani kuti wogulitsa amene sakukudziwani amakonda kunena kuti siyani, mudzatenga ndalama zikatha. Njirayi imayamba kupindula katundu wa ulendo umodzi akachuluka, mwina mabotolo 120, koma pamenepo $120 yagona m'manja mwa alendo.

Yachitatu ndiyo imandikopa: katundu watsopano kwa ogula akale. Kampani ya mafoni ya Econet inachita zotere mu 2011 pobweretsa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, kwa anthu amene anali kale ndi manambala ake a foni. Mayi wathu ali ndi mtedza komanso chiwaya chokazingira, choncho timapaketi ta mtedza wokazinga wothira mchere tingalowe m'matakishopu omwe aja, pa ulendo womwewo. Kuyesa ndi $30 n'kokwanira. Koma chenjerani ndi nsinjiro. Ife ochokera ku Malawi timaikonda potendera, ndiye imaoneka ngati malonda abwino, komatu muno makomo ambiri amatendera masamba ndi chiponde. Wogula nsinjiro angasiye botolo lake la mwezi uwo, ndalama n'kungochoka thumba lamanja kupita lamanzere. Mtedza wokazinga ulibe vuto limeneli chifukwa umadyedwa panjira, sulowa mumphika. Muyeso wake ndi wosavuta: katundu watsopano akayamba kuyenda, onani ngati mabotolo 200 aja akutha monga kale.

Yachinayi, kulowa kwina kotheratu, ndi monga kuweta nkhuku zanyama zokagulitsa m'malesitilanti a m'tauni. Zosadziwika zaphatikizana ziwiri, ulimi wake ndi ogula ake, ndipo $300 yonse yamangika mu anapiye ndi chakudya kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Ubwino wake ndi weniweni, sinditsutsa: mtedza ukakwera mtengo kumapeto kwa chaka, nkhuku sizikhudzidwa. Koma chitetezo choterocho n'cha munthu amene angataye $300 chiponde osaima.

Pali chimene tebulo la Ansoff silifunsa: kodi chigayo chanu chingapere mabotolo angati magetsi akamazima? Njira yoyamba ndi yachiwiri zonse zimadalira yankho limeneli. Ndikanakhala mayi uyu, ndikanayamba ndi matakishopu a ku Mufakose, n'kuyesa mtedza wokazinga ndi $30, ndipo yotsalayo ndikanagula nayo matumba a mtedza nthawi yokolola, mtengo usanakwere. Ku Chitungwiza ndikanapita nditaona mafuta akuyandama m'mabotolo a pafupi ndi kwathu.