Dizilo wa mafuta a pa chiwaya uja anasanduka sopo: zomwe ndaona patapita miyezi 7

"Achimwene, mu Juni munati mukupanga dizilo kuchokera ku mafuta okazingira chipisi. Zinatha bwanji? Inenso ndikufuna kuyesa, kodi njira ya magalamu 3.5 ija ndiidalire?"

Mng'ono wanga, mabotolo atatu omwe ndinayeseramo akadali pa shelefu mu labotale, ndipo awiri mwa iwo ndi olephera. Ndawasunga dala chifukwa ndi amene andiuza pomwe ndinalakwitsa.

Njira yomwe ndinatsatira ndi yomwe aliyense amayambira. Pa lita imodzi ya mafuta umatenga mamililita 200 a metanolo, mtundu wa sipiriti wa poizoni, n'kusungunulamo magalamu 3.5 a kositiki soda, yemwe ndi NaOH. Umatenthetsa mafuta kufika madigiri 55, osapitirira kwambiri chifukwa metanolo amawira pafupifupi pa madigiri 65, kenako umathira, n'kutakasa kwa ola limodzi. Zikayenda bwino, m'mawa mwake umapeza zitapatukana: pamwamba dizilo wachikasu, pansi gliserini wakuda bii, mamililita 100 kapena kuposerapo pang'ono.

Mafuta ndinawapeza kwa mnyamata wina wa chiwaya ku Chibavi. Anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka, atakazinga mbatata ndi nkhuku kwa masiku ambiri. Ndinangowasefa ndi kansalu, basi.

Botolo loyamba silinapatukane n'komwe. Linangokhala mafuta a mbuu, ndi tinsenga tofiirira pansi. Ndinadikira sabata yathunthu ndikuganiza kuti mwina ndi kuzizira kwa Mzuzu, poti mu Juni kuno dzuwa limatha kusowa tsiku lonse. Lero, miyezi 7 yadutsa, kutentha kwa Okutobala kunabwera n'kupita, koma botololi lili momwe linalili ndipo likununkha chipisi chogona.

Chomwe sindinachite ndi kuyeza asidi wa m'mafutawo. Mafuta akakazingidwa mobwerezabwereza, madzi otuluka mu mbatata amawaphwanya, ndipo tizigawo ta asidi wa mafuta timamasuka. Asidi ameneyu akakumana ndi soda, amapanga sopo. Pamenepo sodayo watha ntchito, sangathandizenso metanolo kusintha mafuta kukhala dizilo.

Kuyezako, komwe timati taitireshoni, ndinadzakuchita patapita masabata awiri, ndipo sikutenga ngakhale mphindi 10. Umasungunula galamu imodzi ya NaOH mu lita imodzi ya madzi otcheza. Mu kabotolo kena umasakaniza mililita imodzi ya mafuta ndi mamililita 10 a aisopuropanolo, sipiriti wosungunula mafuta, ndi madontho awiri a fenofutalini, mankhwala omwe amasanduka a pinki asidi akatha. Kenako umadonthezera madzi a soda aja ndi sirinji, uku ukugwedeza, mpaka mtundu wa pinki utakhala osazimirira kwa masekondi 20 kapena 30. Mililita iliyonse yomwe wadonthezera ikuimira galamu imodzi ya soda yomwe asidi adye pa lita imodzi ya mafuta.

Mafuta anga anamwa mamililita 6. Ndinabwereza katatu chifukwa sindinkakhulupirira, koma yankho linali lomwelo. Choncho asidi yekha ankafuna magalamu 6, pomwe ine ndinathira 3.5. Soda yense anathera mu sopo, osatsalako ngakhale pang'ono woti agwire ntchito yomwe ndinamuthirira. Ukawerengetsa, magalamu 6 a NaOH akufanana ndi magalamu pafupifupi 42 a asidi pa lita, komwe ndi pakati pa 4 ndi 5 peresenti ya mafutawo. Nambala ya 3.5 ija ndi ya mafuta atsopano a m'botolo la ku golosale. Si yabodza, koma ine ndinaigwiritsa ntchito pa mafuta omwe si ake.

Botolo lachiwiri ndi lomwe limandiwawa mtima, chifukwa apa ndinkaona ngati ndazindikira. Ndinaphatikiza 3.5 ndi 6, n'kuthira magalamu 9.5. Kwa mphindi 15 zoyambirira zinkaoneka bwino, mtundu unasintha, mafuta anapepukako. Kenako kachitsulo kotakasira kanayamba kutsimphina, n'kuima. Nditapendeketsa botolo, za m'katimo sizinasunthe. Zinali zitagwirana ngati phala la dzulo. Pano zalimba ngati majarini, ndi timadzi tochepa pamwamba.

Apa wolakwa anali madzi. Mafuta a pa chiwaya amasunga madzi omwe maso saona, ndipo awa anagona panja m'chigubu chosatseka bwino, m'nyengo ya mvula yowaza ija. Nditathira pang'ono mu supuni n'kutenthetsa, analira thethethe ngati wawazamo madzi. Sodanso ndinamuyeza pang'onopang'ono chitini chili chotsegula, mpaka timibulu tinayamba kunyezimira ndi kumamatirana, chizindikiro choti wakoka chinyezi cha mumpweya. Pakakhala madzi, soda amaukira mafuta enieniwo, ngakhalenso dizilo yemwe wapangika kale, n'kupanga sopo wina. Kuonjezera apo, asidi uja akamadyana ndi soda amatulutsanso timadzi take. Magalamu 6 aja okha amabala sopo wokwana magalamu 45 kapena 46, ndiye onjezapo wobwera ndi madzi. Ndinaphika sopo ndi manja angawa.

Kuti nditsimikize kuti vuto silinali zipangizo, ndinayesa kachitatu ndi mafuta atsopano a kanjedza, magalamu 3.5 omwe aja. Pasanathe maola awiri gliserini anali atakhala pansi. Nditatsuka ndi kuumitsa dizilo wake, ndinathira mamililita 3 mu mamililita 27 a metanolo, ndipo anasungunuka yense osasiya kadontho pansi, kusonyeza kuti mafuta anasinthadi. M'mawa wina wa Julayi ndinalipeza botololi litachita mbuu ndi timibulu toyera, koma linayeranso nditaliika padzuwa. Umo ndi momwe amachitira dizilo wa mafuta a kanjedza kukazizira kufika madigiri 13 kapena 15, ndipo kuno usiku wa Julayi umatsika kuposa pamenepo. Aliyense wofuna kuthira dizilo wotere mu injini kuno ayenera kuganizirapo. 

Ndikadzabwereranso ku mafuta a pa chiwaya, ndidzayamba ndi kuwaumitsa: kuwatenthetsa kupitirira pang'ono madigiri 100 mpaka kuthetheka kutasiyiratu, n'kuwatsekera akazizira. Taitireshoni idzabwera ndisanatsegule n'komwe botolo la metanolo. Akadzamwa mamililita osaposa 3, ndidzapitiriza ndi soda. Akadzafikanso pa 6, sindidzaonjezera soda ayi. Ndidzayamba ndi asidi wa salufa, pafupifupi mililita imodzi pa lita, pamodzi ndi metanolo pa madigiri 55. Ameneyu amasandutsa asidi wa mafuta uja kukhala dizilo m'malo mwa sopo. Ndidzayezanso pakapita ola, ndipo soda adzalowa pokhapokha nambala itatsika pansi pa 2. Ndikufunanso kuyesa KOH, mnzake wa kositiki soda wopangidwa ndi potaziyamu, magalamu 4.9 m'malo mwa 3.5 a NaOH, chifukwa sopo wake ndi wofewa, sagwirana msanga. Ndipo ndidzayamba ndi mamililita 100 a mafuta, osati lita yonse, poti metanolo ndi wodula komanso wosowa kuno.

Iweyo usayese zimenezi kunyumba pa mbaula. Metanolo amayaka ndi lawi losaoneka bwino masana, ndipo mpweya wake kapena kumeza ngakhale pang'ono kungakuchititse khungu. Sipiriti wofiirira wa m'sitolo salowa m'malo mwake, chifukwa mbali yaikulu ndi etanolo wokhala ndi madzi, ndipo angakupatse botolo lofanana ndi langa lachiwiri. Ubwere Loweruka ndi mafuta ako theka la kapu, tidzayambe tawayeza.