Ndemanga: anandikonzera pepa yomasuliridwa ndi makina kupita mu Chikoreya, nyenyezi 4 pa 5

Ndawapatsa 4, imodziyo ndachotsa chifukwa cha matebulo, ndifotokoza kumunsiku. Ndili ku Korea pa sukulu, pepa yanga ndi ya aflatokisini, poizoni wochokera ku nkhungu, mu mtedza, timafananiza mtedza woyanika pa dothi ndi woyanika pa lona. Ndinalemba mu Chingerezi koma sapavaiza amafuna ya Chikoreya kuti itumizidwe ku jenolo ya konkuno, ndiye ndinaiponya mu makina omasulira, zotulukazo nkuwatumizira anthu omwe ntchito yawo ndi kukonza zomasuliridwa ndi makina kuti akonze. Chikoreya changa ndi chogulira zinthu pa shopu ndi kuwerenga zikwangwani za basi, za sayansi ayi, nde ndimafuna munthu woti andiwuze pomwe pavunda.

Poyamba amakufunsa kuti ukufuna kukonza kwapang'ono kapena kwathunthu. Kwapang'onoko amangoona kuti tanthauzo lisasochere, chiganizo chikhale chokhota bwanji sakhudza, pomwe kwathunthu amakonza mpaka chimveke ngati analemba munthu. Mayina amenewa si ongopeka iwo, ali mu ISO 18587 ya 2017, ngakhale standadiyo imakamba kwambiri za kwathunthu. Pa pepa yopita ku jenolo tengani kwathunthu basi, kwinako nkowerengera wekha kuti umve zomwe wina walemba.

Chomwe chinandisangalatsa, ndipo ndi chomwe ndalama yanga inagula, si fayilo yokonzedwayo koma ndandanda yomwe anatumiza limodzi nayo. Cholakwika chilichonse anachiika mu gulu, chaching'ono, chachikulu, choopsa, ngati momwe zimakhalira mu MQM, njira yoyezera zolakwika pa zomasulira. Pokonza anayamba ndi zoopsazo osati kuyambira peji 1 kutsika. Anandiuza kuti choyamba amayala manambala ndi mayunitsi a Chingerezi pambali pa a Chikoreya asanawerenge chiganizo ndi chimodzi chomwe, chifukwa makina a masiku ano amalemba zosalala kwambiri moti ukayamba nkuwerenga maso amangotsetsereka osaona kuti nambala yasintha.

Ndipotu inasinthadi. Aflatokisini timayeza mu µg/kg, malire a ku Korea pa mtedza ndi 15 µg/kg mitundu yonse ya aflatokisini pamodzi. Mu fayilo yanga malo ena µ uja anali m wamba wovekedwa fonti ya Symbol, pa sikirini amaoneka bwinobwino, koma atadutsa mu makina fonti inagwa nkutsala mg/kg. Kusiyana kwake nkuchulukitsa ka 1,000. Pepa yanga imanena tsopano kuti mtedza wathu uli ndi poizoni wochuluka ka 1,000 kuposa zomwe tinayeza mu labu, chiganizocho chili chowongoka bwino, galamala yake ndee, palibe choti nkukutsina khutu. Ina inali ya mamiliyoni. Akoreya amawerenga mu magulu a 10,000, gulu limodzi amalilemba 만, ndiye 1.2 miliyoni imayenera kukhala 120만, makina analemba 12만 yomwe ndi 120,000. Zero mmodzi wathawa chinunu.

Gulu lachiwiri la zoopsa ndi lomwe ndekha sindikanaliona ngakhale mutandipatsa chaka. Pomwe ndinalemba kuti magulu awiri sanasiyane mwa sitatisitiki, p yoposa 0.05, makina anaika 크게 다르지 않았다, kutanthauza kuti sanasiyane kwambiri, ngati ndangoyang'ana ndi maso nkunena kuti ah zikufananako. Wokonzayo anasintha kukhala 유의한 차이가 없었다, umo ndi momwe amanenera a sayansi kuti testi sinapeze kusiyana. Mawu a Chingerezi ndi amodzi, significant, koma Chikoreya chimalekanitsa kukula kwa chinthu ndi zomwe testi yanena, nde makina amangotola lililonse, ndime ino ili, ndime yotsatira linalo. Chimodzimodzi kumathero komwe ndimanena mosamala kuti zotsatirazi zikuonetsa ngati lona amathandiza, makina anaika 제안한다 ngati ndikupereka ganizo pa msonkhano, wokonzayo anabweza 시사한다, kutanthauza kuti zikungoloza. Malo ena kukayikako kunachokeratu, chiganizo nkumanena motsimikiza kuti lona amachepetsa poizoni. Mu komenti analemba kuti mu Chikoreya kukana ndi kukayika zimabwera kumapeto kwenikweni kwa chiganizo pa mneni, ndiye chiganizo chikatalika makina amataya mchirawo koma chotsalacho chimaimabe chokha ngati chathunthu. Rivyuwa akawerenga zimenezo amati wolembayu akudzitama kuposa data yake, ndipo sangadziwe kuti ndi makina.

Zazikulu koma zosaopsa zinali mawu a ntchito. Mathiritimenti anga, kuyanika uku ndi uku, makina anawatcha 치료 ngati ndikuchiza wodwala ku chipatala, loyenera ndi 처리. Gulu loyerekezera, la control, analitcha 제어 ngati rimoti ya TV, a za ulimi amati 대조구. Zimenezi zimaseketsa ukauzidwa koma anaziika pansi pa manambala, ndipo ndikugwirizana naye, chifukwa munthu wa ulimi akawona mtedza ukuchizidwa amadziwa pompo kuti zalakwika nkukonza yekha mmutu, pomwe mg uja amangomukhulupirira. Vuto lake ndi loti zimabalalika mu pepa yonse, ndiye anapanga kaye kandandanda ka mawu nkunditumizira kuti sapavaiza avomereze asanasinthe paliponse.

Zazing'ono zinali zambiri kuposa zonse. Makina amasakaniza mathero a ulemu a 습니다 ndi mathero wamba a 다 omwe mapepa a sayansi amagwiritsa ntchito, mipata pakati pa mawu, tima ife ife tomwe Chikoreya sichifuna. Anakonza zonse koma sanandidyere nazo nthawi, mzere umodzi mu ndandanda basi. Chodabwitsa nchoti mnzanga wa mu labu nditamuonetsa zosakonzedwa zija, izi ndi zomwe anaziona koyamba nkuyamba kuseka, za mg sanazione nkomwe.

Tsopano nyenyezi yosowayo. Matebulo awiri ndinawaika ngati zithunzi, makina sanawagwire, iwonso sanawagwire ndipo sanandiuze, anangobwera mu Chingerezi momwemo pakati pa pepa ya Chikoreya. Nditafunsa akuti za mu zithunzi sizili pa kotesheni, nkuwonjezera kaye. Chabwino, koma munthu woti wayala manambala onse anaonatu kuti matebulowa alipo, kunena kumavuta chani. Chinanso anasintha 나트륨 kukhala 소듐 paliponse osafunsa, mayina awiri a sodiyamu, lachiwirilo ndi lomwe bungwe la akatswiri a kemisitile ku Korea limatsatira koma a zakudya ndi ulimi ambiri akadali pa loyambalo, sapavaiza anati tibwerere komweko. Si kulakwa kwenikweni koma linali funso loti lifike kwa ine. Fayilo anabweza ya Word pomwe jenolo imafuna .hwp, fayilo ya pulogalamu yolembera ya ku Korea, nde funsiranitu zimenezo musanalipire.

Ngati Chikoreya chanu chili ngati changa mutha kuchekabe zina nokha fayilo ikabwera. Sakani mg ndi µg muwerenge ngati zikukwana ndi za mu Chingerezi, sakani 만 ndi 억 muchulukitse ndi 10,000 ndi 100,000,000, kenako mu gawo la zotsatira sakani 않 ndi 없 muone ngati paliponse pomwe munakana pali chimodzi mwa ziwirizi. Ndipo musatumize za makina zokha, tumizani ndi Chingerezi chomwe, matebulo akhale olemba osati zithunzi, µ akhale weniweni osati wa fonti.