Kamera kapena makatuni pa vidiyo ya mamineti 10 ndalama zikakhala zochepa

Ambiri popanga bajeti amathamangira makatuni poti akuti sulipira thiransipoti komanso subwereka kamera, koma ife tinayesa zonse ziwiri tili atatu basi ndipo tinaona kuti kamera imadya ndalama pomwe makatuni amadya masiku.

Tawerengani nokha. Mamineti 10 ndi masekondi 600, ndiye chithunzi chikamasintha pa masekondi 6 aliwonse mukufunika zithunzi 100. Wojambula makatuni wathu ndi wachangu ndithu koma chimodzi chinkamutengera theka la ola, amenewo ndi maola 50, ndiye poti masana amakhala ku ntchito ankangopeza maola atatu madzulo, masiku 17 anathera pa zithunzi zokhazokha asanayambe n'komwe kuziyendetsa. Ngati mumamulipira pa tsiku kutchipa kuja kwathera pomwepo. Ubwino wake ndi woti mukalakwitsa nambala mumakonza chithunzi chimodzicho basi, ndipo pulogalamu ngati Audacity ya mawu ndi DaVinci Resolve yolumikizira zilipo zaulere.

Kamera ndi yachangu, sabata imodzi kulemba sikiripiti, tsiku limodzi kujambula, sabata ina kudula ndi kulumikiza. Koma ndalama zonse zimatuluka tsiku limodzi lomwelo, kubwereka zida, mayendedwe, chakudya cha anthu, ndiye likalakwika tsikulo mulipira kawiri. Ife zinatichitikira, tinajambula tsiku lonse osavala mahedifoni, pofika pa kompyuta tikumva firiji ikung'ung'uza pansi pa mawu onse mpaka tinabwerezanso. Chithunzi chosawala bwino anthu amapirira koma mawu oipa amatseka vidiyo, n'chifukwa chake ine ndalama yoyamba ndimagulira maiki yomata pa kolala, kamera ya foni imakwana.

Panopa ndimasakaniza. Wofotokoza aoneke mamineti 6, zithunzi zitenge mamineti 4 pamene pali manambala kapena zinthu zovuta kuzionetsa ndi kamera, zimenezo ndi zithunzi 40, maola 20, sabata imodzi kwa wojambula uja. Ntchito yonse imakwana m'masabata anayi, lomalizalo n'kulisiyira zokonza ndi mawu olembedwa pansi pa vidiyo. Pa ndalama 100 zilizonse ndimabisa 15 za kujambulanso, osazikhudza mpaka vidiyo itatuluka.

Njira iliyonse mungasankhe, sikiripiti muiwerenge mokweza wotchi ili m'manja musanalipire aliyense, chifukwa papepala imaoneka yaifupi koma pakamwa imatalika, yathu inafika mamineti 13. Kudula mamineti atatu papepala ndi ulere, koma tikanadula titajambula kale bwenzi titataya zithunzi 30. Ndipo wojambula makatuni asayambe zithunzi mawu asanajambulidwe ndi kuvomerezedwa ndi nonse, poti chiganizo chimodzi chikasintha zithunzi zonse zakutsogolo zimasemphana ndi mawu.