Chionetsero cha nyimbo ndi magule ku Ulongwe: tikiti ya masana kapena ya usiku?

Makolo athu, abale ndi alongo a kuno ku Angoniya ndi madera oyandikana nawo, ife amene tikukonza chionetsero cha nyimbo ndi magule cha nyengo ya Khirisimasi tikukuitanani kuti mudzakhale nafe ku Ulongwe pa Loweruka limene lili pakati pa Tsiku la Banja, 25 Disembala, ndi Chaka Chatsopano. Chionetserochi chili ndi zigawo ziwiri, cha masana ndi cha usiku, ndipo chigawo chilichonse chili ndi tikiti yake. Popeza ambiri akhala akundifunsa kuti agule tikiti iti, ndaona kuti ndi bwino ndiike zigawo ziwirizi pambalipambali, kuti munthu asataye ndalama yake pa chinthu chimene sichimuyenera m'mwezi uno umene ndalama yambiri yapita kale ku feteleza ndi kwa aganyu opalira.

Chigawo cha masana chidzachitikira panja, pa bwalo, kuyambira 12 koloko mpaka 4 koloko. Tinasankha nthawi imeneyi kuti amene adzalawirire kumunda athe kuweruka, kusamba ndi kufika, komanso kuti aliyense adzakhale atanyamuka dzuwa likadalipo, chifukwa mu Disembala mdima umayamba kugwa itangodutsa 6 koloko. Pa bwalopo padzakhala ngoma ya Angoni, amuna atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda pansi mpaka nthaka kumveka kugunda m'mapazi mwa oonerera; padzakhalanso chintali cha amayi, kenako makwaya a ana ndi a achinyamata adzaimba nyimbo za kubadwa kwa Ambuye m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi. Magule amenewa sangavinidwe bwino pa simenti ya m'holo, ndipo ndicho chifukwa chake tinawasiya panja. Ena afunsa ngati kudzakhala Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambiki ndi Zambia. Yankho lathu ndi lakuti sadzakhalako, chifukwa gule ameneyu ali ndi eni ake, mafumu ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo ife sitinaone kuti ndi ulemu kumuika pa ndondomeko ya chionetsero cholipiritsa pakhomo.

Vuto la masana ndi mvula, ndipo sindikubisirani. Mvula ya Disembala kuno kumapiri imakonda kukonzekera dzuwa likapendeka, ndipo ikabwera ndi mphepo, matenti awiri amene tabwereka sangakwanire aliyense. Matentiwo tawasungira agogo, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi ana kumbuyo; ena nonse mudzatenge ambulera ndi chitenje kapena mkeka wokhalira, chifukwa mabenchi adzakhala ochepa. Mvula ikadzagwa yamphamvu, magule adzaima kaye, makwaya adzasamukira m'holo, ndipo tikiti yanu ya masana idzakulowetsani kumeneko popanda kuonjezera kanthu.

Chigawo cha usiku ndi cha mtundu wina. Chidzayamba 7 koloko ndi kutha 10 koloko, m'holo yokhala ndi malo a anthu 300, ndipo aliyense wogula tikiti adzakhala ndi pokhala pake. Kumeneko kudzaimba makwaya akuluakulu, amene akhala akuphunzira nyimbo zawo kuyambira mwezi wa Okutobala, ndiponso bandi ya magitala, kiyibodi ndi ng'oma. Munthu amene amakonda kumvetsera mawu anayi a kwaya akulukana bwinobwino, popanda phokoso la ana ndi la ogulitsa chimanga chootcha, chigawo chake ndi chimenechi. Koma holoyo ndi yofolera ndi malata opanda siling'i, ndipo chaka chatha mvula itagwa pakati pa nyimbo, amene anakhala kumbuyo sanamve kanthu kwa mphindi zingapo, kenako magetsi nawonso anazima. Chaka chino taika zokuzira mawu zina ziwiri pakati pa holo ndipo tabwereka jenereta, komabe ndinene zoona kuti phokoso la mvula pa malata silingagonjetsedwe kotheratu. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni kwa mipando ya kutsogolo ndi mabenchi a kumbuyo: wa kutsogolo amamva mawu a oimba kuchokera pakamwa pawo, pamene wa kumbuyo amadalira zokuzira mawu basi. Musaiwalenso juzi, chifukwa Ulongwe si mzinda wa Tete kumene anthu amagona thukuta lili kamukamu; kuno mvula ikakata usiku kumazizira ndithu.

Tsopano mitengo. Tikiti ya masana yogulidwiratu ndi mametikali 100 kwa wamkulu ndi 50 kwa mwana, ndipo ana osakwana zaka zisanu adzalowa ulere. Palinso tikiti ya banja ya mametikali 250, imene ikulowetsa akuluakulu awiri ndi ana osapitirira atatu. Pakhomo, tsiku lomwelo, wamkulu adzalipira 150, mwana adzalipira 50 yomweyo, koma tikiti ya banja sidzagulitsidwa. Ya usiku ndi 200 pa benchi ndi 400 pa mpando wa kutsogolo, ndipo palibe kuchotsera kwa ana, chifukwa mwana naye amatenga malo a munthu mmodzi pa malo 300 aja. Amene akufuna zigawo zonse ziwiri angagule tikiti imodzi ya 250, yolowera masana ndi kukhala pa benchi usiku.

Kuti manambalawa amveke, titenge banja lochokera ku Domwe: bambo, mayi, ana atatu a msinkhu wa sukulu ndi agogo awo aakazi. Akaguliratu tikiti ya banja ndi ina imodzi ya agogo, alipira mametikali 350. Akaguliratu tikiti ya munthu aliyense payekha, alipira 450. Akadikira kudzagula pakhomo, akuluakulu atatu adzalipira 450 ndipo ana 150, zonse pamodzi 600, kutanthauza kuti kuzengereza kwawadyera mametikali 250, ndalama imene ikanathandiza pa shapa ndi pa chakudya cha ana. Banja lomwelo likasankha usiku, ngakhale pa mabenchi, lilipira 1,200, ndipo funso lalikulu silinayankhidwebe: adzabwerera bwanji 10 koloko usiku? Mashapa amasowa kukangoda, a njinga zamoto amakweza mtengo, ndipo misewu yafumbi ikanyowa imaterera moti sindingalangize munthu kukweza agogo kapena mwana pa njinga nthawi imeneyo. Choncho kwa aliyense wochokera ku Domwe, ku Tsangano, ku Kalomwe kapena kutsidya la malire ku Dedza, ine ndikunena mosazungulira kuti gulani ya masana, pokhapokha ngati muli ndi m'bale kuno kuvila amene wavomera kale kukugonekani. Ya usiku ndi ya anthu amene angayende wapansi kubwerera kwawo, kapena amene ali ndi galimoto.

Tikiti ya zigawo ziwiri ija imaoneka yokopa chifukwa imapulumutsa mametikali 50, koma kumbukirani kuti pakati pa 4 koloko ndi 7 koloko pali maola atatu amene muyenera kukhala ndi kopita. Iwayenera achinyamata a mommuno, osati munthu wokhala ndi ana aang'ono.

Kagulidwe nako kali pawiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Njira yoyamba ndi tikiti ya pepala, imene mungagule kwa oimba a makwaya mapemphero a Lamulungu akatha, kapena pa tebulo limene tidzaike pafupi ndi msika. Tikiti yeniyeni ili ndi nambala yake, chidindo cha inki ndi siginecha kumbuyo, ndipo wogulitsa ayenera kuing'amba m'buku inu mukuona, iye n'kutsala ndi kachidutswa kokhala ndi nambala yomweyo. Munthu akakutulutsirani tikiti yong'ambidwa kale m'thumba mwake, kapena imene chidindo chake chikuoneka kuti chinajambulidwa pa makina pamodzi ndi zolembedwa zina, musagule. Ubwino wa pepala ndi wakuti silifuna netiweki kapena batire, ndipo mungampatse m'bale wanu ngati inu mwalephera kubwera. Kuipa kwake ndi kwakuti likatayika latayika, ndipo likanyowa mpaka nambala kufufutika, a pakhomo sangathe kulifananiza ndi kachidutswa kaja. Likulungeni m'kapulasitiki.

Njira yachiwiri ndi kulipira pa foni, kudzera pa M-Pesa poimba *150# kapena pa e-Mola poimba *898#. Nambala yolandirira ndalama yalembedwa pa zikwangwani zimene takhoma pa matchalitchi, ndipo ndikupempha kuti muitenge pamenepo ndi maso anu, osati mu uthenga umene wina wakutumizirani, chifukwa ndi kosavuta kuti munthu wachinyengo asinthe nambala mu uthenga n'kuufalitsa. Mukatumiza ndalama mulandira uthenga wotsimikiza umene uli ndi nambala ya malipirowo. Mutumize nambala imeneyo ku nambala yathu ija pamodzi ndi dzina lanu, mtundu wa tikiti ndi chiwerengero cha anthu, ndipo ife tikuyankhani ndi nambala ya tikiti yanu. Ngati tsiku lathunthu ladutsa musanayankhidwe, ndiye kuti dzina lanu silinalowe m'kaundula, ndipo muyenera kutiimbira tsiku la chionetsero lisanafike. Pakhomo sitidzayang'ana uthenga wa pa foni yanu, popeza uthenga umatha kukoperedwa ndi kutumizidwa kwa anthu khumi. Tidzayang'ana dzina ndi nambala ya tikiti m'kaundula wathu. Zimenezi zikutanthauzanso kuti foni ikazima panjira simunataye kanthu, bola nambalayo munailemba pa kapepala. Amene mukutumiza kudzera kwa ejenti, onetsetsani kuti wakuuzani nambala ya malipirowo musanachoke pa malo ake, chifukwa uthenga wotsimikiza sudzafika pa foni yanu, ndipo popanda nambalayo ife sitingadziwe kuti ndalama imene yafika ndi ya yani.

Kwa wokhala kuvila, pepala ndi labwino koposa chifukwa mumachoka mutagwira chinthu m'manja. Kwa wokhala kutali, monga abale athu ogwira ntchito ku Mowatize ndi ku Tete amene adzabwere kudzadya Khirisimasi kumudzi, foni ndiyo njira yokhayo yopezera mtengo wotsika, komanso mpando wa kutsogolo, pakuti mipandoyo ilipo 60 yokha.

Kugulitsiratu matikiti kudzatsekedwa madzulo a pa 24 Disembala, ndipo pambuyo pake padzatsala kugula pakhomo basi. Masana aliyense wobwera adzalowa chifukwa bwalo ndi lalikulu, koma usiku tidzagulitsa pakhomo malo okhawo amene atsala, pa mtengo wa 250 pa benchi, ndipo holo ikadzaza chitseko chidzatsekedwa. Amene mudzagule pakhomo mudzabwere ndi ndalama zing'onozing'ono za 50 ndi 100, chifukwa chenji cha 500 kapena 1,000 chimachedwetsa mzere wonse, ndipo amene muli ndi makwacha mudzasinthiretu musanafike, popeza pakhomo tidzalandira mametikali okha.