seamlessClone ya OpenCV: ndinatsala pang'ono kuyipatsa nyenyezi imodzi

Ndinayamba kulemba ndemanga iyi nditakwiya kwambiri, cholinga chinali choti ndikuuzeni kuti musataye nthawi ndi `cv2.seamlessClone`, fankishoni ya OpenCV yomatira chigamba cha chithunzi china pa chinzake msoko osaoneka, koma poti ndinagona kaye ndisanatumize, zina zasintha. Yaulere inde, tonse tikudziwa, kungoti `pip install opencv-python` basi yalowa, koma chaulere chikakudyera usiku wonse ukuyang'ana nkhope yopindika sumamvanso kuti ndi chaulere.

Nkhani yake inali yaing'ono. Chithunzi cha gulu, aliyense watuluka bwino kupatula achemwali anga omwe anaphethira pomwe kamera imajambula. Chithunzi china chojambulidwa pamalo ena tsiku lomwelo maso ali otsegula bwinobwino, ndipo eni akewo ndi amene anandipempha kuti nditenge nkhope ya uko ndiyike apa, ndanena dala izi pasakhale wondifunsa kuti ndikusewera ndi nkhope za anthu. Mbali yoyamba inayenda bwino, ndinapeza madontho 68 a nkhope ndi dlib pa zithunzi zonse ziwiri, kenako `cv2.estimateAffinePartial2D` ndi `cv2.warpAffine` kuti nkhope yatsopano itembenuke ndi kukula mofanana ndi yakale. Nditaika zithunzi ziwirizo pamwamba pa chinzake maso anali pa maso, mphuno pa mphuno. Chinatsala ndi kulumikiza kokha kuti msoko usaoneke.

Apa ndi pomwe ndinakopera khodi ya mkulu wina wopanga matyutoriyo, amene amalankhula ngati OpenCV analemba ndi iye. Iyeyo anati pa `p`, kadontho kouza fankishoni pomwe iike chigambacho, ingoikani nsonga ya mphuno chifukwa mphuno ndiye pakati pa nkhope. Ine ndinamvera. Zomwe zinatuluka abale, achemwali anga anali ndi zibwano ziwiri, nsidze zakwera pamphumi ngati munthu wadzidzimuka, ndipo palibe ngakhale erala imodzi pa sikirini. Chopweteka kwambiri nchoti kala ya khungu inalumikizana bwino zedi, msoko osaoneka, ndiye chinthucho chimaoneka ngati munthu weniweni amene anabadwa choncho. Ndinabwereranso ku madontho, ndinakayikira `warpAffine`, ndinasintha kanayi masiki, kachithunzi kakuda ndi koyera kosonyeza mbali yoti ikoperedwe, ndinafika potukwana laibulale yonse.

Vuto linali loti `seamlessClone` sidziwa kuti mphuno ndi chiyani. Imayang'ana masiki, imapeza bokosi laling'ono kwambiri lomwe lingazungulire mbali yoyera ya masikiyo, kenako pakati pa bokosilo ndi pomwe imapakhazika pa `p`. Basi. Chithunzi changa chinali 1200 m'lifupi ndi 1600 m'litali, bokosi la masiki linayambira pa x=412, y=380, m'lifupi 310, m'litali 402. Pakati pake ndi 412+155 ndi 380+201, kutanthauza (567, 581). Nsonga ya mphuno inali pa (571, 563). Ndiye nkhope yomwe ndinali nditayikhazika kale pamalo ake enieni, fankishoni inainyamula nkuyikweza mapikiseli 18 ndi kuyisunthira kumanja mapikiseli 4. Chibwano chatsopano chinathera m'mwamba, chakale chinatsala chikusuzumira pansi pake. Kukonza kwake ndi mizere iyi yokha:

```python
x, y, w, h = cv2.boundingRect(mask)
p = (x + w // 2, y + h // 2)
out = cv2.seamlessClone(src, dst, mask.copy(), p, cv2.NORMAL_CLONE)
```

Ngati `src`, chithunzi chomwe mukutengako nkhope, mwaipinda kale kuti igwirizane ndi `dst`, chomwe mukuikapo nkhopeyo, `p` ayenera kukhala pakati pa bokosi la masiki, osati mphuno, osati avareji ya madontho, osatinso pakati pa chithunzi chonse. Mkulu uja pa chitsanzo chake zinangochitika kuti mphuno inagwera pafupi ndi pakati pa bokosi, ndiye akuphunzitsa anthu mwayi wake ngati lamulo, mpaka pano ndikaona nkhope yake pa sikirini mtima umandiwawa. `mask.copy()` ija ndinaika chifukwa mavezhoni ena amasintha masiki yomwe mwawapatsa, ukayigwiritsanso ntchito kachiwiri umapeza si ija unapanga.

Nditakonza zimenezo mkwiyo unayamba kutsika, chifukwa zomwe inachita ndi kala ya khungu sindikanatha ndi manja. Chithunzi chomwe ndinatengako nkhope chinajambulidwa panja powala, cha gulu chinali cha m'nyumba mwa mdima pang'ono. Nditangomata wamba nkhope imaoneka ngati stika yowala pa thupi la munthu wina. Ndi `NORMAL_CLONE` inangolowa phee.

Njira yake inachokera mu pepala la Pérez, Gangnet ndi Blake la 2003, amaitchula dzina la Poisson chifukwa cha ikwezhoni yomwe imathetsedwa mkatimo, koma ganizo lake si lovuta. Siikopera kala ya chigamba. Imakopera kusiyana kwa pikiseli ndi mnzake woyandikana naye, komwe amati giradiyenti, ndipo kala yeniyeniyo imaitenga m'mphepete kuchokera ku chithunzi chomwe chigambacho chikupita. Tinene kuti pa tsaya la chigamba mapikiseli ali 180, 185, 195, 190 koma khungu la chithunzi chomwe chikupitacho pamalirepo lili 120. Iyo imasunga kuti apa kwakwera ndi 5, apa ndi 10, apa kwatsika ndi 5, nkuyambira pa 120, ndiye mumapeza 120, 125, 135, 130. Maso, makwinya, timadontho ta pakhungu zonse zimatsala, kuwala ndiye kumakhala kwa malo atsopano, ndipo zimenezi imachita pa B, G ndi R payokhapayokha. Mbali zina za malire kusiyanako sikufanana, kuno 60 uko 40, ndiye imakumwaza pang'onopang'ono mkati monse ngati nsalu yokokedwa m'mbali kuti pasakhale pomwe pakudumpha.

Mukamvetsa zimenezi mumvetsanso vuto lachiwiri lomwe linandigwira, ili lokha sindingamunamizire mkulu uja. Masiki yanga inali `cv2.convexHull` ya madontho aja, ndipo kumanzere kwa nkhope malire ake anadutsa pa tsitsi lomwe mu chithunzi cha gulu linagwera patsaya, pomwe mu chithunzi chinacho panali khungu lokha. Fankishoni inangoona kuti pamalire apa chigamba chili cha m'ma 180 koma pomwe chikupita pali cha m'ma 30, ndiye inachita ntchito yake mokhulupirika, kumwaza mdima umenewo kulowa mkati. Tsaya linada ngati apakapo mwaye, kuda kwambiri m'mphepete nkumachepa polowera ku mphuno. Mukaona chibanga chofalikira chotero kuchokera mbali imodzi, kaya chakuda kaya chowala, musavutike ndi zina, jambulani malire a masiki pa zithunzi zonse ziwiri muone pomwe akuponda zinthu zosiyana, tsitsi, felemu ya magalasi, khutu kapena khoma lakumbuyo. Malire akuyenera kuyenda pa khungu uku ndi uku komwe. Ine ndinangochepetsa masiki:

```python
k = cv2.getStructuringElement(cv2.MORPH_ELLIPSE, (25, 25))
mask = cv2.erode(mask, k)
```

Izi zinadya mapikiseli pafupifupi 12 mbali zonse, tsitsi linatsala kunja, mwaye unatha. Koma kumbukirani kuti mukasintha masiki bokosi lasinthanso, `p` muwerengenso pambuyo pake osati kale. Ndipotu pamapeto ndinazindikira kuti sindimafunika nkhope yonse, vuto linali maso okha, masiki ya maso ndi nsidze yokhala ndi kakhungu kozungulira inatuluka bwino kuposa zonse zomwe ndinayesa usiku uja, ndipo pakamwa panatsala pomwe achemwali anamwetulira pa chithunzi chenichenicho.

`MIXED_CLONE` pa nkhope musayese, ndakuyeserani kale. Iyo pa pikiseli iliyonse imasankha giradiyenti yamphamvu pakati pa chigamba ndi chithunzi chapansi, zomwe nzabwino mukamaika zolemba pa khoma la njerwa kuti njerwazo zizioneka, koma pa nkhope mzere wa chikope chotseka unatulukira pakati pa diso lotsegula ngati chipukupuku. `MONOCHROME_TRANSFER` sindinaione ntchito yake pa nkhani yangayi.

Zodandaula zenizeni zomwe zatsala ndi izi. Bokosi lija likangotuluka kunja kwa `dst` ngakhale pang'ono, monga munthu amene waima kumapeto kwa chithunzi, pulogalamu imagwa ndi `(-215:Assertion failed)` yokamba za `roi`, osakuuza mwachindunji kuti chigamba chako chasefukira, ndipo erala yomweyi imabweranso ukasokoneza dongosolo chifukwa `p` ndi (x, y) pomwe `shape` imayamba ndi m'litali. Njira yozemba ndi kuwonjezera malire ndi `cv2.copyMakeBorder`, kulumikiza, kenako kudula. China, imafuna zithunzi za mabiti 8, ngati mumagwira ntchito ndi 16 mutsitse kaye. Ndipo OpenCV imathetsa ikwezhoni ija pa bokosi lonse osati mkati mwa masiki mokha, ndiye mapikiseli a kunja kwa masiki koma mkati mwa bokosi amatha kusintha pang'ono, ndinaziona nditachotsera `out` ku `dst` ndi `cv2.absdiff` nkukweza kuwala kwake.

Palinso zomwe siingakonze ndipo sinalonjeze. Mthunzi ukakhala kumanzere pa chigamba pomwe chithunzi chonse kuwala kukuchokera kumanzere komweko, mthunziwo ndi giradiyenti, udzasamuka nawo. Chigamba chakuthwa pa chithunzi chosathwa kwenikweni chimaonekabe, changa ndinachipaka `cv2.GaussianBlur` ya (3, 3) ndisanalumikize kuti maso asathwe kuposa nkhope za ena onse. Mutu ukatembenukira kwina kwambiri ndiye iwalani, imeneyo si ntchito yake.

Nyenyezi 4 pa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha erala ya `roi` ija ndi nkhani ya masiki yosinthidwa mwakachetechete. Achemwali nditawatumizira anangoyankha kuti bwanji sindinawachotsenso kachiphuphu ka pachibwano.